Zilembo zitatu zimene galamala imalephera kuwerenga

Pa bolodi palembedwa mizere itatu ya zilembo: `abc`, `cabbac` ndi `aabcc`. Funso ndi losavuta. Ndi mizere iti imene ili ndi ma `a`, ma `b` ndi ma `c` ofanana kuchuluka? Mwana wa sitandade 2 angayankhe asanamalize kukhala pansi. Woyamba walowa, wachiwiri walowa chifukwa chilembo chilichonse chili kawiri, wachitatu wagwa chifukwa `b` ndi mmodzi yekha.

Komatu pali mtundu wa malamulo, umene akatswiri a makompyuta amaudalira tsiku ndi tsiku, umene ntchito ya mwanayu imaukanika. Sikuti wochenjera woti alembe malamulo oyenera sanabadwe ayi. Zinatsimikizika kuti malamulo oterowo kulibe, ndipo sadzakhalako. Chida chotsimikizira zimenezi chimatchedwa lema yopopa. Lema, m'masamu, ndi mfundo yotsimikizika imene imagwira ntchito ngati makwerero okafikira pa mfundo zina.

Malamulo osayang'ana anansi

Nkhaniyi inayamba ndi akatswiri a zilankhulo. Mu 1956 Noam Chomsky, amene ankaphunzitsa ku MIT m'dziko la Amerika, anayamba kusanja magalamala molingana ndi mphamvu zawo. Kwa iye galamala inali ngati makina opangira ziganizo: munthu amayamba ndi chizindikiro chimodzi, n'kumachisintha motsatira malamulo mpaka patatsala zilembo zokhazokha. Mizere yonse imene galamala ingatulutse, pamodzi, ndiyo imatchedwa chilankhulo, ngakhale kuti palibe amene angachezere pa khonde m'chilankhulo cha ma `a` ndi ma `b`.

Galamala yodziwika kwambiri pa mndandandawu ndi yosayang'ana anansi. Dzinali likutanthauza kuti chilembo chachikulu, monga `S`, chikhoza kusinthidwa paliponse pamene chili, osafunsa kuti kumanzere kapena kumanja kwake kuli ndani. Nayi galamala yaing'ono yotere:

```
S → a S b
S → a b
```

Lamulo loyamba likunena kuti `S` akhoza kusanduka `aSb`. Lachiwiri likunena kuti akhoza kusanduka `ab`, nkhani n'kuthera pomwepo. Woyamba ndi `S` amapeza `aSb`, kenako `aaSbb`, kenako `aaabbb`. Chinsinsi chili poonekera: `a` aliyense amabadwa limodzi ndi `b` wake, ngati mapasa, ndipo mapasa atsopano amalowa pakati pa akale. Palibe amene akuwerenga, koma chiwerengero chimafanana chokha.

Ngakhale zilembo ziwirizi zitasakanikirana, galamala yake ilipo ndipo ndi ya malamulo atatu okha. Mabulaketi otsegula ndi otseka m'mapologalamu a kompyuta amayenda motere. N'chifukwa chake chilankhulo cha makompyuta cha ALGOL 60 chinafotokozedwa ndi malamulo a mtundu womwewu, m'kalembedwe kodziwika ndi mayina a John Backus ndi Peter Naur.

Mulu wa mbale

Pali njira ina yoonera mphamvu ya galamala zimenezi. Zimafanana mphamvu ndi makina amene chikumbukiro chawo ndi mulu umodzi wa mbale, pamene chololedwa ndi kusanjika mbale pamwamba kapena kuchotsa ya pamwamba. Ya pansi siikhudzidwa mpaka za pamwamba zitachoka.

Makinawa akapatsidwa `aaaabbbb`, amasanjika mbale imodzi pa `a` aliyense, mbale zinayi. Ma `b` akayamba, amachotsa imodziimodzi. Mzere ukatha mulu nawonso utatha, ndiye kuti zafanana.

Tsopano pabwere `cccc` kumapeto. Mbale zonse zatha pofananiza `a` ndi `b`, ndipo ma `c` afika pa msika utabalalika. Wina angati, bwanji osasanjika mbale ziwiri pa `a` aliyense, ina ya `b` ina ya `c`? Ma `a` anayi apereka mbale 8. Ma `b` anayi ndi ma `c` anayi azichotsa zonse, inde. Koma ma `b` atatu ndi ma `c` asanu nawonso azichotsa zonse 8, ndipo makina avomera mzere wolakwika.

Kulephera kwa nzeru imodzi kapena khumi si umboni woti nzeru ya nambala 11 idzalepheranso. Pamafunika mfundo yogwira galamala zonse nthawi imodzi, zolembedwa kale ndi zimene palibe anaziganizapo.

Zimene anapeza ku Yerusalemu

Mfundoyo inasindikizidwa mu 1961 ndi Yehoshua Bar-Hillel, Micha Perles ndi Eli Shamir, akatswiri a ku Yunivesite ya Chiheberi ku Yerusalemu. Bar-Hillel anali mmodzi mwa oyamba kulimbana ndi nkhani yomasulira zilankhulo ndi makina, kotero funso la zimene galamala ingathe ndi zimene singathe silinali lachilendo kwa iye. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake Stephen Scheinberg anali ataonetsa kale kuti mizere ya ma `a`, kenako ma `b`, kenako ma `c` ofanana singapangidwe ndi galamala yosayang'ana anansi.

Maganizo a lemayi amachokera pa mtengo. Kapangidwe ka mzere kakhoza kujambulidwa ngati mtengo wozondoka: `S` pamwamba ngati tsinde, zilembo zazikulu ngati mphanda za nthambi, ndi zilembo zazing'ono pansi ngati masamba. Galamala iliyonse ya mtunduwu ikhoza kukonzedwanso kuti mphanda iliyonse ikhale ndi nthambi zosapitirira ziwiri. Choncho mtengo waufupi sungakhale ndi masamba ambiri. Ngati njira iliyonse yochoka pa tsinde kufika ku tsamba ikudutsa zilembo zazikulu zosapitirira zitatu, masamba sangapose anayi. Mzere wa zilembo 8 ukufuna njira yodutsa zilembo zazikulu zinayi kapena kuposerapo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ngati galamalayo ili ndi zilembo zazikulu za mitundu itatu yokha, ndipo njira ina ikudutsa zinayi, ndiye kuti chimodzi chaoneka kawiri pa njira yomweyo. Nkhunda zinayi m'zisa zitatu, chisa china chigona ziwiri. Tinene kuti chilembo chobwerezedwacho ndi `A`. Pali `A` wa pamwamba, ndipo mkati mwa nthambi zake muli `A` wina wa pansi.

Popeza malamulo sayang'ana anansi, `A` ndi `A` basi. Chilichonse chimene wa pamwamba anabala, wa pansi akhozanso kubala. Munthu akhoza kudula nthambi ya pansi n'kulumikizapo nthambi yonse ya pamwamba, monga amachitira womezanitsa mango, ndipo akhoza kubwereza kangapo konse kamene angafune. Akhozanso kuchita mosiyana, kuika nthambi yaing'ono pamalo pa yaikulu. Mtengo uliwonse wotuluka pamenepo ndi wovomerezeka, ndipo mzere wake uyenera kukhala m'chilankhulocho. Kufufumitsa ndi kuphwetsa kumeneku ndiko kupopa.

Kudulaku kumagawa mzere m'zigawo zisanu, zimene mabuku amazitcha `u`, `v`, `x`, `y` ndi `z`. Chapakati, `x`, ndi masamba a `A` wa pansi. Zigawo `v` ndi `y` ndi masamba otsala a `A` wa pamwamba, kumanzere ndi kumanja kwa `x`. Ndipo `u` ndi `z` ndi za kunja. Pa mzere `aaabbb` wa galamala ija, `v` akhoza kukhala `a` wachiwiri, `x` n'kukhala `ab` wapakati, `y` n'kukhala `b` wachiwiri. Kubwereza `v` ndi `y` kawiri kukupereka `aaaabbbb`, kuwachotsa kukupereka `aabb`, ndipo yonse ndi mizere yolondola.

Lema ikunena kuti chilankhulo chilichonse chopangidwa ndi galamala yotere chili ndi nambala yake `p`, ndipo mzere uliwonse wa chilankhulocho wotalika zilembo `p` kapena kuposa ukhoza kugawidwa paasanu mokwaniritsa malonjezo atatu. Loyamba, `v` ndi `y` sali opanda kanthu onse awiri. Lachiwiri, `v`, `x` ndi `y` pamodzi sapitirira zilembo `p`. Lachitatu, kubwereza `v` ndi `y` mofanana, kaya kulibiretu, kamodzi, kawiri kapena ka 100, kumasiya mzere m'chilankhulocho.

Lonjezo lachiwiri limabwera chifukwa chilembo chobwerezedwa chimafunidwa kumunsi kwa njira yaitali kwambiri, kufupi ndi masamba, kumene nthambi ndi zazing'ono. Ophunzira ambiri amalidumpha ngati lopanda ntchito. Pa chilankhulo cha zilembo zitatu zosakanikirana, ndilo limasenza katundu yense.

Masewera a anthu awiri

Aphunzitsi amakonda kufotokoza umboniwu ngati masewera osinthana manja, monga bawo. Mbali ina kuli wonena kuti galamala ilipo, mbali ina kuli womutsutsa. Wonena ali ndi galamala ndiye amayamba, potchula `p`. Wotsutsa amasankha mzere. Woyamba uja amaugawa paasanu mmene akufunira, bola asunge malonjezo awiri oyamba. Wotsutsa amamaliza posankha kuti apopa kangati. Mzere ukatuluka m'chilankhulo, ndipo zikatero pa `p` aliyense ndi kagawidwe kalikonse, ndiye kuti galamalayo kulibe.

Tinene kuti `p` ndi 4. Wotsutsa wodziwa masewera asankha `aaaabbbbcccc`, chilembo chilichonse kanayi. Mzerewu uli m'chilankhulo, ndipo ndi wautali mokwanira.

Zigawo `v`, `x` ndi `y` zimagundana, kotero zili ngati windo la zilembo zosapitirira zinayi loikidwa penapake pa mzere. Windoli likhoza kukhala pa ma `a` okhaokha. Likhoza kukhala pa malire a `a` ndi `b`, pa ma `b` okhaokha, pa malire a `b` ndi `c`, kapena pa ma `c` okhaokha. Chimene silingathe ndi kuona `a` ndi `c` nthawi imodzi. Pakati pa `a` womaliza ndi `c` woyamba pali ma `b` anayi, ndiye windo lofuna kugwira onse awiri liyenera kutalika zilembo 6. Pa `p` aliyense, pakufunika `p + 2` pamene lololedwa ndi `p`.

Woteteza galamala ayese nzeru yake yabwino koposa. Ayika windo pa `abbb`, n'kunena kuti `v` ndi `a`, `x` ndi `bb`, `y` ndi `b`:

```
u = aaa   v = a   x = bb   y = b   z = bcccc
kupopa kawiri:    aaaaabbbbbcccc   (5, 5, 4)
kuchotsa v ndi y: aaabbbcccc       (3, 3, 4)
```

Wachenjera ndithu, chifukwa `a` ndi `b` akukula limodzi. Koma `c` watsala pa 4. Akasunthira windo kumanja kuti `b` ndi `c` azikula limodzi, `a` ndiye atsala. Akaliika pa chilembo chimodzi, ziwiri zitsala. Lonjezo loyamba likumukakamiza kuti china chake chisinthe, lachiwiri likumuletsa kusintha zonse zitatu. Nthawi zonse pali chilembo chimene chakula ndi china chimene chaima, ndipo kufanana kwatha. Palibe pamene nambala 4 yagwira ntchito mwapadera. Akanatchula 1,000, wotsutsa akanangolemba chilembo chilichonse ka 1,000. Umboni wonse ndi umenewu.

Pamene anthu amapunthwa

Cholakwa choyamba chili pa kusankha mzere. Wophunzira wothamanga amalemba `abcabcabcabc`, poganiza kuti bola zilembo ndi zofanana kuchuluka. Woteteza galamala amamwetulira, n'kunena kuti `v` ndi `abc` ndipo `y` alibe kanthu. Kupopa kulikonse kukuwonjezera `a` mmodzi, `b` mmodzi ndi `c` mmodzi. Mzere sutuluka m'chilankhulo ngakhale atapopa mpaka m'mawa. Izi sizitanthauza kuti galamala ilipo. Zikungotanthauza kuti wotsutsa wataya dzanja lake. Luso lonse lili pa kutalikitsa `a` ndi `c`, n'kuika khoma la ma `b` pakati pawo.

Cholakwa chachiwiri ndi chobisika, ndipo chimagwira ngakhale ophunzira akhama. Mabuku ambiri amayamba ndi chilankhulo chokhwima, chimene chimafuna kuti ma `a` onse atsogole, ma `b` atsatire, ma `c` amalize. Pamenepo pali njira yachidule. Ngati `v` ali ndi zilembo za mitundu iwiri, monga `ab`, kumubwereza kukupereka `abab`, ndipo dongosolo lasokonekera. Ngati `v` ndi `y` aliyense ali ndi mtundu umodzi, zigawo ziwiri sizingadyetse zilembo zitatu. Umboni watha osatchula n'komwe kutalika kwa windo.

Wophunzira akanyamula njira imeneyi n'kupita nayo ku chilankhulo chosakanikirana, imamuthyokera m'manja, chifukwa kumeneko `abab` si mlandu. Taonani zimene zingachitike lonjezo lachiwiri litaiwalika:

```
u = aaa   v = ab   x = bbb   y = c   z = ccc
kupopa kawiri:  aaaababbbbccccc   (5, 5, 5)
```

Zonse zitatu zakula limodzi, ndipo mzere ukadali m'chilankhulo. Chokhacho chimene chikuletsa kagawidwe kameneka ndi chakuti `v`, `x` ndi `y` pamodzi ali ndi zilembo 6, kupitirira 4. Mphunzitsi wochonga mayeso amayang'ana pomwepa. Umboni wa chilankhulo chosakanikirana umene sunatchule malire a windo uli ndi bowo, ngakhale yankho lake lomaliza litakhala lolondola.

Cholakwa chachitatu ndi kudzigawira wekha mzere. Wophunzira amalemba kuti `v` ndi ma `a`, `y` ndi ma `b`, n'kupopa, n'kunena kuti watsiriza. Wasewera dzanja la mnzake. Kugawa ndi kwa woteteza galamala, ndipo umboni uyenera kugonjetsa kagawidwe kalikonse kololedwa. Chimodzimodzi `p`. Nambala 4 yathandiza kuona zinthu, koma pa pepala la mayeso siyenera kusankhidwa ndi wotsutsa.

Ilipo njira ina yolambalala kwa amene akufuna. Zimadziwika kuti chilankhulo cha galamala yosayang'ana anansi chikasefedwa ndi sefa yosavuta, monga yolola mizere yokhayo imene zilembo zake zili m'dongosolo la `a`, `b`, `c`, zotsalazo zimakhalabe ndi galamala ya mtundu womwewo. Chilankhulo chosakanikirana chikadutsa pa sefa imeneyi, chimene chimatsala ndi chokhwima chija. Popeza chokhwimacho chilibe galamala, chosakanikirananso sichingakhale nayo.

Zotsatira zodabwitsa

Chilankhulo chofuna kuti `a` afanane ndi `b`, ma `c` akhale ochuluka mulimonse, chili ndi galamala. Chofuna kuti `b` afanane ndi `c` chilinso nayo. Koma mizere yokwaniritsa zofuna zonse ziwiri ndiyo chilankhulo chathu chija, chimene chilibe. Malamulo awiri otheka paokhapaokha, akaphatikizidwa ndi mawu akuti "ndiponso", akhoza kutuluka kunja kwa mphamvu ya galamalazi.

Chodabwitsa china n'chakuti mizere yolakwika, imene zilembo zake sizofanana, ili ndi galamala. Kuti mzere ulakwike, pakungofunika kuti `a` asiyane ndi `b`, kapena `b` asiyane ndi `c`. Kulikonse mwa kusiyana kumeneku ndi nkhani ya zilembo ziwiri, ndipo mulu umodzi wa mbale ukwanira. Kugwira wolakwa n'kotheka, kuchitira umboni wosalakwa n'kosatheka.

Lemayi ilinso ndi malire ake. Imatha kutsutsa kokha. Chilankhulo chikalephera mayeso a kupopa, chilibe galamala. Koma chikapambana, palibe chimene chatsimikizika, chifukwa zilipo zilankhulo zopopeka bwinobwino zimene zilibe galamala yotere. N'chifukwa chake mu 1968 William Ogden anatulutsa lema yamphamvu kuposa iyi, imene imalola wotsutsa kuika chizindikiro pa zilembo zimene akufuna kuti kupopa kuzikhudze.

Ndipo palibe paliponse pamene umboniwu ukunena kuti kompyuta singawerenge zilembo zitatu. Pologalamu ya mizere yochepa, yosunga manambala atatu, imamaliza ntchitoyi m'kuphethira kwa diso. Makina a milu iwiri ya mbale nawonso angathe. Chimene chagwa ndi mtundu umodzi wa malamulo. Olemba mapologalamu omasulira zilankhulo za makompyuta amakumana ndi malire a mtundu womwewu pa ntchito yawo. Mu 1962 Robert Floyd anaonetsa kuti malamulo onse a ALGOL 60 sangalembedwe m'galamala yosayang'ana anansi, chifukwa cha lamulo lakuti dzina lililonse logwiritsidwa ntchito liyenera kukhala litalengezedwa. Mpaka lero omasulirawa amagawa ntchito: galamala imaona maonekedwe a pologalamu, ndipo gawo lina, losunga mndandanda wa mayina, limaona zotsalazo.

Kwa akatswiri a zilankhulo za anthu, chilankhulo cha zilembo zitatuchi chinasanduka mwala woyesera. Amachitcha MIX, ndipo ena amachitchula ndi dzina la Emmon Bach, amene anachigwiritsa ntchito ngati chitsanzo cha chilankhulo chimene mawu ake ali ndi ufulu wonse wokhala paliponse m'chiganizo. Mu 1985 Stuart Shieber anaonetsa kuti Chijeremani cha ku Switzerland chili ndi ziganizo zimene maaneni ndi maina ake amalumikizana mopingasana, zimene galamala yosayang'ana anansi singakwanitse. Chaka chomwecho Aravind Joshi anafotokoza za magalamala amphamvu pang'ono chabe kuposa amenewa, ndipo imodzi mwa izo, imene imalumikiza mitengo yaing'ono, imapanga chilankhulo chokhwima chija mosavuta.

Funso linali lakuti, kodi galamala ya Joshi ingapangenso chosakanikirana? Joshi ankaganiza kuti singathe, koma umboni unavuta kwa zaka zoposa 25. Unabwera mu 2012 kuchokera kwa Makoto Kanazawa ndi Sylvain Salvati. Salvati yemweyo anatsimikizanso kuti pali mtundu wina wa galamala, umene chilembo chachikulu chimodzi chimasamalira zidutswa ziwiri za mzere nthawi imodzi, umene umakwanitsa kupanga MIX. Pofuna kutsimikiza zimenezi anasandutsa mzere uliwonse kukhala njira yojambulidwa pa pepala, kotero kuti mzere wa zilembo zofanana kuchuluka ndi ulendo wobwerera pamene unayambira.